Tchuthi chodwazika kholo

Bambo anga atagwa ndi sitiroko kwathu ku Kawaza, ndinali pa ntchito pa loji ina ku Mfuwe, alendo ali thithithi. Ndinapita kwa abwana kukapempha tchuthi ndi pakamwa pokha. Anandibweza.

Lamulo la ntchito la Zambia la 2019, gawo 40, limati amene wagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi apatsidwe masiku osapitirira 7 pachaka, olipidwa, kuti adwazike mkazi kapena mwamuna wake, mwana, kapena munthu womudalira. Masikuwa sachotsedwa pa tchuthi chanu cha pachaka, komanso sasungidwa mpaka chaka chamawa.

Koma taonani, mawu oti kholo mulibemo. Bambo amalowa ngati munthu wondidalira, ndiye m'kalata yanga ndinalemba kuti chakudya ndi mankhwala awo ndimagula ndine, ndipo ndinaikapo umboni wa ndalama zomwe ndimawatumizira pafoni.

Chimene chinandigwetsa poyamba ndi pepala. Kabuku ka kuchipatala kamangoonetsa kuti munthu anabwera. Abwana ali ndi ufulu wofuna kalata ya dokotala yonena zinthu ziwiri: kuti wodwalayo akudwaladi, ndiponso kuti akufunika chisamaliro chapadera. Ndinakapempha adokotala kuti alembe zonse ziwirizo, ndi deti ndi chidindo. Tsiku lomwelo abwana anasaina.