Kodi kompyuta ingalosere kukwera kwa mitengo? Zomwe ARIMA imatha ndi pomwe imalekezera

Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo m'magolosale sinachedwe kutsatira. Ofesi yoona za chiwerengero ya NSO ku Zomba, yomwe imatulutsa nambala za mitengo mwezi ndi mwezi, inati kukwera kwa mitengo kwachoka pa 26.9 peresenti mu Okutobala kufika pa 33.1 peresenti mu Novembala. Patatha chaka, mu Novembala 2024, nambala yomweyo inatsika mwadzidzidzi kuchoka pa 32.4 kufika pa 27.0. Amene anapita kumsika mwezi umenewo akudziwa kuti sopo ndi mafuta ophikira sizinatsike mtengo. Chinachitika n'chakuti nambalayi imayerekeza mitengo ya mwezi uno ndi ya mwezi womwewo chaka chatha, ndiye Novembala wa 2024 ankayerekezedwa ndi Novembala wa 2023 amene anali atakwera kale. Kulumpha kwa 2023 sikunalosereke ndi nambala zam'mbuyo, koma kutsika kwa 2024 kunkaoneka patali kwa aliyense wosanja bwino nambala zake.

ARIMA ndi njira yolosera imene akatswiri awiri, George Box ndi Gwilym Jenkins, anaifalitsa m'buku lawo la mu 1970. Siidziwa chimanga, dola kapena feteleza. Imangoyang'ana mndandanda umodzi wa nambala zotsatizana mwezi ndi mwezi, n'kufufuza mmene mwezi uno umatengera za miyezi yapitayo. Imalembedwa ndi nambala zitatu, `(p, d, q)`. `p` ndi kuchuluka kwa miyezi yam'mbuyo imene tikuidalira. `q` ndi kuchuluka kwa zodzidzimutsa zam'mbuyo, kutanthauza pamene ulosi unaphonya, zomwe zikukhudzabe mwezi uno. `d` ndi kangati pamene tachotsera nambala ya mwezi watha ku ya mwezi uno tisanayambe ntchito. Anthu ambiri amataya nthawi pa `p` ndi `q`, pomwe ulosi umaonongekera pa `d` komanso pa mndandanda womwe wasankhidwa.

Tiyambe ndi mndandandawo. Ophunzira ambiri amatenga maperesenti a pachaka omwe amamveka pawailesi aja n'kuwaponya mu ARIMA. Ine sindilimbikitsa zimenezi. Peresenti ya pachaka ili ngati kuwonkhetsa kukwera kwa miyezi 12 yapitayi, choncho kulumpha kumodzi kumakhalamo chaka chathunthu kenako n'kutuluka mwezi umodzi, monga zinachitikira mu Novembala 2024. Modelo yaing'ono yongoona maperesentiwa siidziwa kuti kulumphako kudzatuluka liti. Ndi bwino kutenga CPI yeniyeniyo, nambala ya mtengo wa dengu la katundu amene banja limagula, kulosera imeneyo, kenako n'kuwerengera wekha peresenti ya pachaka pamapeto. Apa pali msampha wina: NSO imasintha dengulo ndi chaka choyambira pakapita zaka, ndipo nambala imabwerera pa 100. Ukalumikiza mindandanda iwiriyo osaigwirizanitsa, kompyuta imaona ngati mitengo inagwa koopsa mwezi umodzi.

Tsopano kukhazikika. ARIMA imafuna nambala zimene zimasinthasintha koma n'kumabwerera pamalo amodzi. Nthawi ya dzinja mbuzi zimamangidwa pachichiri: imapita uku ndi uku, koma chingwe chimaibweza, ndipo ukhoza kunena kumene idzakhale mawa. Ya m'chilimwe yomasulidwa imayambira pamene yafika n'kumapitirira. Tiyerekeze kuti mitengo imakwera ndi 2 peresenti pamwezi, ndipo mwezi uno yakwera ndi 6. Ngati theka la kupatukako ndilo limapitirira mwezi wotsatira, ulosi ukhala 2 kuphatikiza theka la 4, yomwe ndi 4, kenako 3, kenako 2.5, mpaka kubwerera pa 2. Koma ngati kupatuka konse kumapitirira, osati theka, ulosi ukhala 6 mpaka kalekale. Mayeso a kukhazikika amafunsa funso limeneli basi: kodi chodzidzimutsa chimazilala kapena chimakhaliratu?

Mu Python mayesowa ali mu `statsmodels`.

```python
import numpy as np, pandas as pd
from statsmodels.tsa.stattools import adfuller, kpss

cpi = pd.read_csv("cpi.csv", index_col=0, parse_dates=True).iloc[:, 0]
y = 100 * np.log(cpi.asfreq("MS"))
dy = y.diff().dropna()
print(adfuller(y, regression="ct")[1], kpss(y, regression="ct")[1])
print(adfuller(dy)[1], kpss(dy)[1])
```

`np.log` ikuchititsa kuti kusiyana kwa mwezi ndi mwezi kukhale pafupifupi peresenti, moti `dy` ndi kukwera kwa mitengo kwa pamwezi. Mayeso awiriwa amayambira mbali zosiyana, ndipo ambiri amasokonezeka pomwepa. `adfuller`, yochokera ku ntchito ya David Dickey ndi Wayne Fuller ya mu 1979, imayamba ndi ganizo loti mndandanda ndi wosakhazikika. Nambala imene yatuluka ikachepera 0.05, timakana ganizolo n'kunena kuti ndi wokhazikika. `kpss`, ya mu 1992, imayamba ndi ganizo loti ndi wokhazikika, choncho nambala yochepera 0.05 ikutanthauza kuti ndi wosakhazikika. Musadabwe `kpss` ikatulutsa chenjezo: nambala zake zimalekezera pa 0.01 ndi 0.1, siipitirira pamenepo.

Pa CPI yeniyeniyo yankho limadziwikiratu, pakuti mitengo siibwerera mwakale, ndiye `d` ayenera kukhala 1. Nkhani ili pa `dy`. Mayeso onse akagwirizana kuti ndi wokhazikika, tapita. Koma nthawi zambiri amatsutsana, `adfuller` kuvomera, `kpss` kukana. Zikatero osathamangira kuchotseranso kachiwiri. Jambulani kaye mndandandawo muuone ndi maso. Kawirikawiri mupeza kuti munali zaka zabata ndi zaka zina za mitengo yothamanga, monga momwe zinasinthira kuno kuyambira 2022, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi. Kusintha kotere kumanamiza mayesowa. Ndipo kuchotsera mopitirira muyeso kuli ndi zizindikiro zake: nambala zimayamba kudumphadumpha kuposa poyamba, mwezi wokwera kutsatidwa ndi wotsika, ndipo nambala ya `ma.L1` mu zotsatira imayandikira -1.

Kwathu kuno palinso nyengo. Chakudya ndi pafupifupi theka la dengu lija, ndipo chimanga chili ndi kalendala yake. Chimatsika mtengo anthu akakolola, kuyambira cha mu Epulo, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale. Modelo yosadziwa zimenezi idzadabwa chaka chilichonse ndi chinthu chimene mavenda a chimanga onse amachidziwa. N'chifukwa chake timawonjezera nambala zina zinayi, `(P, D, Q, 12)`, zomwe zimagwira ntchito yofanana ndi zoyamba zija koma poyerekeza Epulo ndi Epulo mnzake. Poyambira pabwino ndi `(0, 1, 1, 12)`. Pamafunika zaka zingapo kuti nyengo ioneke bwino. Ndi zaka zitatu zokha mwangoona kukolola katatu, ndipo chimodzi mwa zakazo chikhoza kukhala cha chilala.

Kusankha `p` ndi `q` ndi ntchito yosavuta kuipereka kwa kompyuta.

```python
from statsmodels.tsa.statespace.sarimax import SARIMAX

zakale = y[:-24]
for p in range(3):
    for q in range(3):
        m = SARIMAX(zakale, order=(p, 1, q),
                    seasonal_order=(0, 1, 1, 12)).fit(disp=False)
        print(p, q, round(m.aic, 1), round(m.bic, 1))
```

AIC, muyeso umene anayambitsa Hirotugu Akaike wa ku Japan, umayamikira modelo yogwirizana ndi nambala zakale koma umalipiritsa chilichonse chowonjezera. Yotsika ndiyo yabwino. BIC imalipiritsa kwambiri, choncho imakonda modelo yaing'ono. Tiyerekeze kuti `(1,1,0)` yapereka 512.4 ndipo `(2,1,2)` yapereka 511.1. Kusiyana kosafika pa 2 si chifukwa chonyamulira nambala zitatu zowonjezera, ndiye tengani yaing'onoyo. Chosayenera kuchita ndi kuyerekeza AIC ya modelo ya `d=1` ndi ya `d=2`, chifukwa ziwirizi sizinawerengedwe pa nambala zofanana. Kukhazikika kumagamulidwa kaye, AIC pambuyo.

Yopambanayo iyenera kuunikidwanso zotsalira zake, kutanthauza kusiyana kwa zomwe inalosera ndi zomwe zinachitika mwezi uliwonse. Zotsalirazi zizikhala zopanda dongosolo. Mayeso a `acorr_ljungbox` mpaka miyezi 24 akapereka nambala yochepera 0.05, ndiye kuti modelo yasiya china chake, ndipo chikakhala pa mwezi wa 12 ndi nyengo ija. Zotsalira zoyambirira, pafupifupi 13, muzitaye musanayeze, chifukwa pamenepo modelo inali isanakhale ndi zam'mbuyo zokwanira.

Mwaona kuti miyezi 24 yomaliza tinaibisa ndi `y[:-24]`. Pamenepo ndi pomwe pali mayeso enieni. Loserani mwezi woyamba wobisikawo, onani mmene mwaphonyera, uwonjezereni ku zakale, loserani wotsatira, mpaka yonse ithe. Kenako yerekezani ndi ulosi wa munthu wopanda kompyuta, amene amangoti mitengo ikwera monga inakwerera mwezi womwewo chaka chatha. Ngati ARIMA yanu siikumuposa ameneyu, AIC yake yokongola ilibe ntchito. Zimachitika kawirikawiri kuposa mmene olemba malipoti amavomerezera, makamaka ulosi ukapitirira miyezi isanu ndi umodzi.

Tibwerere ku Novembala 2023. Modelo yophunzitsidwa mpaka Okutobala ikanalosera mwezi wamba, chifukwa chigamulo cha Banki Yaikulu sichinali mu CPI ya miyezi yam'mbuyo. Ngakhale malire a 95 peresenti omwe `get_forecast(12).conf_int()` imapereka amawerengedwa poganiza kuti zodzidzimutsa zamtsogolo zifanana ndi zakale, ndipo kuti zazikulu kwambiri ndi zosowa. M'dziko limene ndalama imagwetsedwa kawiri m'miyezi 18, malirewo amakhala opapatiza kuposa zoona. Chomwe mungachite n'cha pambuyo pake: pangani mndandanda wokhala ndi 0 mpaka Okutobala 2023 ndi 1 kuyambira Novembala, muupereke ku `SARIMAX` kudzera mu `exog`. Mukatero kulumphako kumawerengedwa pakokha, ndipo modelo siiyamba kukhulupirira kuti Novembala aliyense mitengo imalumpha. Popanda chimenechi gawo la nyengo lija limameza kulumphako n'kukweza ulosi wa Novembala wotsatira popanda chifukwa.

Ndi CPI yoloseredwa motere, peresenti ya pachaka imapezeka pogawa CPI ya mwezi woloseredwawo, itagawidwa kaye ndi 100 n'kubwezedwa ndi `np.exp`, ndi CPI yeniyeni ya miyezi 12 m'mbuyo, kenako n'kuchotsapo 1 n'kuchulukitsa ndi 100. Wolosera ali mu Okutobala 2024 anali nayo kale CPI yokwera ya Novembala 2023 m'failo yake, ndipo kugawa kokhako kukanamuonetsa kuti peresenti itsika ndi mapointi angapo ngakhale mitengo kumsika ikukwerabe.