Yezani Mano a Tayala Mvula Isanayambe

Tayala lakutha limapusitsa m'chilimwe. Pa phula louma limagwira msewu bwinobwino, ndipo dalaivala saona vuto lililonse. Vuto limadza ndi mvula ya Novembala. Tingalande tomwe tili pakati pa mano a tayala ndi njira zotulutsira madzi, kuti mphira ikhudze phula. Tingalandeti tikakhala tosaya, madzi amasowa kothawira ndipo tayala limayandama pamwamba pake. Pamenepo chiwongolero chimapepuka, buleki nayo siyimva.

Tayala latsopano la galimoto yaing'ono limabwera ndi mano akuya pafupifupi mamilimita 8. Opanga matayala anaikamo kale choyezera, kungoti ambiri sitichiona. Yang'anani m'mphepete mwa tayala, pomwe mano athera. Mupeza kachizindikiro ka makona atatu kapena zilembo za TWI, m'malo angapo kuzungulira tayala lonse. Mukatsatira kachizindikiroko kulowa m'ngalande, mupeza kamlatho ka mphira kopingasa, kotukuka mamilimita 1.6 kuchokera pansi. Yendetsani chala kuchoka pa dzino kudutsa pa kamlathoko. Chala chikatsika, mano alipobe. Chikangodutsa myaa osatsika, tayalalo latha, ngakhale kwina likuonekabe labwino.

Timilathoti tili ndi malire ake: timangokuuzani kuti mwafika pamapeto. Sitinena kuti kwatsala zingati. Apa m'pamene khobidi limathandiza. Ku Amereka amalowetsa m'ngalande khobidi la senti imodzi, mutu wa Abraham Lincoln utazondoka. Mutu wonse ukamaoneka, mano atsika pa mamilimita 1.6. Ku Britain amagwiritsa ntchito khobidi la mapeni 20: mkombero wake wakunja ukamaoneka, tayala likufunika kuunikidwa, pakuti lamulo la kumeneko limafuna mamilimita 1.6 pa magawo atatu mwa anayi a pakati pa tayala.

Miyeso imeneyi ndi ya makobidi a eni ake, ndipo singagwire pa K5 kapena K10 yathu yachitsulo mwachimbulimbuli. Koma nzeru yake ndi yosavuta kuibwereka. Tengani khobidi lililonse ndi rula, yezani mamilimita 3 kuchokera m'mphepete, ndipo lembani mzere woonda ndi cholembera. Ngakhale kamtengo ka machesi kangathe ntchitoyi. Ine ndimasankha 3 osati 1.6 chifukwa mano akatsika pamenepa, mtunda umene galimoto imayenda isanaime pa msewu wonyowa umatalika kwambiri. Kudikira mpaka kamlatho kalingane ndi mano, kwa munthu woyenda mu M1 m'dzinja, n'kuchedwa.

Pomwe ambiri timalakwitsa ndi malo oyezera. Tiyerekeze kuti ndi tayala lakutsogolo la Sienta. Mwaimika pamalo osatsetsereka, mwakoka handibuleki, ndipo mwapotoza chiwongolero mpaka kumapeto kuti nkhope yonse ya tayala ioneke. M'ngalande yakunja mzere wanu wabisika, pali mamilimita 4. Yapakati, mzere uli ndendende ndi mano. Yamkati, ya kumbali ya injini, mzere uli poyera ndipo kamlatho kalingana ndi mano. Muyeso wa tayala limenelo ndi wa ngalande yamkatiyo, osati yakunja yomwe imakusangalatsani mukaima pambali. Sunthani galimoto pang'ono, muyezenso malo ena awiri kapena atatu, ndipo samalani kuti khobidi lisakhale pamwamba pa kamlatho kapena pa kamwala kotsakamira.

Kathedwe kameneka kakunenanso china. Tayala lodyeka mbali imodzi limasonyeza kuti mawilo sanawongoke, kawirikawiri chifukwa cha maenje, ndipo mukaika latsopano musanakonzetse alayimenti nalonso lidyeka chimodzimodzi. Likadyeka m'mbali zonse ziwiri pakati pali pabwino, limayenda ndi mpweya wochepa. Likadyeka pakati pokha, mpweya unachuluka.

Pali tayala limodzi limene khobidi silingaligwire bodza. Pamsika wa matayala akaunjika pamapezeka ena amene anatha kale koma munthu wawasemanso tingalande ndi mpeni wotentha. Khobidi limalowa bwino, chonsecho mphira yotsala pamwamba pa mawaya ndi yopyapyala, ndipo tayala lotere likhoza kuphulika pa liwiro. Kusemanso n'kololedwa pa matayala ena a malole opangidwira zimenezo, osati a galimoto zazing'ono. Muzaliziwa posakasaka timilatho tija: ngati chizindikiro cha TWI chilipo m'mbali koma m'ngalande mulibe kamlatho, kanadulidwa. Lisiyeni, ngakhale wogulitsa atsitse mtengo chotani.