Bwalo likamafunsa ngati wolakwa ankadziwa chimene ankachita

Mu Januwale 1843, mu mzinda wa London, Daniel M'Naghten anaombera Edward Drummond, mlembi wa nduna yaikulu Robert Peel. M'Naghten ankakhulupirira kuti anthu a chipani cholamula akumusakasaka. Bwalo linamupeza wosalakwa chifukwa cha misala, ndipo anthu atakwiya, oweruza akuluakulu anapemphedwa kuti alongosole muyeso wa milandu yotere. Muyesowo unafika kwathu kuno kudzera m'malamulo a atsamunda, ndipo lero uli mu gawo 12 la malamulo a milandu ya upandu a dziko la Malawi.

Lamulo limayamba ndi kuganizira kuti aliyense mutu wake umayenda bwino. Wonena kuti anali wodwala ndiye ayenera kubweretsa umboni, kawirikawiri wa dokotala wa matenda a maganizo. Koma kudwala kokha sikokwanira. Bwalo limafuna kudziwa ngati pa nthawi yeniyeniyo nthenda inamulepheretsa kumvetsa chimene ankachita, kapena kudziwa kuti sayenera kuchichita. Munthu akhoza kukhala atagonekedwapo ku chipatala cha amisala ku Zomba, koma ngati tsiku limenelo ankadziwa, mlandu umamugwira.

Nanga woweruza angalowe bwanji m'mutu mwa munthu? Amayang'ana mapazi amene munthuyo wasiya. Kodi anakonzekera? Anabisa chida? Anathawa, ananama, ananena chiyani atagwidwa? Mu 1952, ku Mangalande, bambo wina dzina lake Windle anapha mkazi wake pomumwetsa mapiritsi ochuluka a asipulini. Panali umboni wa madokotala woti maganizo ake sanali bwino. Koma podzipereka kwa apolisi ananena kuti akuona kuti amunyonga chifukwa cha zimenezi. Mawu amenewo anaonetsa kuti ankadziwa kuti lamulo limaletsa, ndipo chitetezo cha misala chinagwa.

Pali chitetezo china chosiyana ndi ichi, chimene munthu amati thupi linachita lokha, iye osalilamula. Taganizirani dalaivala amene njuchi zamulowera m'galimoto, kapena wamenyedwa ndi mwala m'mutu, n'kugunda munthu. Ameneyu bwalo likamukhulupirira amamasulidwa, n'kupita kwawo. Wopezeka wosalakwa chifukwa cha misala sizikhala choncho: akhoza kusungidwa ku chipatala nthawi yaitali, yosadziwika pothera. N'chifukwa chake malire a ziwirizi ndi nkhani yaikulu.

Makhoti a ku Mangalande amadula malirewo pofunsa kuti vuto lachokera kuti, mkati mwa thupi kapena kunja. Milandu iwiri ya odwala shuga ikuonetsa kumene funsoli limafikitsa munthu.

Quick anali namwino, ndipo anavulaza wodwala wolumala m'chipatala chimene ankagwirako ntchito. Tsikulo anali atabaya jakisoni wa insulini, sanadye mokwanira, anamwanso mowa, moti shuga anatsika kwambiri ndipo anati sakukumbukira kanthu. Woweruza woyamba atanena kuti chimenechi ndi chitetezo cha misala, Quick anasankha kuvomera mlandu. Mu 1973 bwalo la apilo linafafaniza chigamulocho. Linati chinamusokoneza si nthendayo ayi, koma mankhwala, chinthu chochokera kunja, choncho anayenera kuloledwa kudziteteza kuti thupi linachita lokha. Linachenjezanso kuti wodzibweretsera yekha vutolo, mwa mowa kapena kusasamala, sangadalire chitetezochi nthawi zonse.

Hennessy naye anali wa shuga. Anatenga galimoto ya eni ake n'kuiyendetsa ali woletsedwa kuyendetsa. Iye anali atakhala masiku angapo osabaya insulini, shuga n'kukwera kwambiri. Mu 1989 bwalo la apilo linati apa vuto lachokera m'nthenda yeniyeniyo, mkati mwa thupi, ndiye pamaso pa lamulo ndi misala. Nayenso anali atavomera mlandu pothawa dzinalo, ndipo chigamulo chake sichinasinthe.

Anthu awiri, nthenda imodzi: wobaya jakisoni amasulidwa, wosabaya atchedwa wamisala. Ine ndikuona kuti apa lamulo limavulaza anthu. Cholinga chake n'chomveka, chifukwa vuto lochokera mkati likhoza kubweranso, ndipo anthu ena ayenera kutetezedwa. Koma njira yomweyo inachititsa kuti mu 1983 munthu wa khunyu, Sullivan, amene anamenya mnzake ali pakati pa kugwa, auzidwe kuti chitetezo chake ndi misala. Mu 1991 zinateronso ndi Burgess, amene anati anavulaza mnzake akuyenda ali m'tulo. Palibe dokotala amene angatchule khunyu kapena shuga kuti misala. Ndipo munthu wodwala akafika povomera mlandu umene sakuukumbukira n'komwe, pongoopa dzina ndi chipatala, bwalo limakhala lalanga munthu lisanayankhe funso loti ankadziwa kapena ayi.