Kwacha Ikagwa, Wa ku Joni Wapindula Kapena Ayi?

Pa 8 Novembala 2023, banki yaikulu ya Reserve inalengeza kuti kuyambira m'mawa mwake dola imodzi ya ku Amereka izigulidwa pa K1,700, kuchoka pa K1,180. Mtengo wa dola unakwera ndi 44 peresenti usiku umodzi. Mabanja amene amadalira mwana wa ku Joni anaona makwacha ochuluka pafoni, koma atafika pagolosale anapeza mitengo itawatsogolera kale. Zinthu ziwirizi zimachokera pagwero limodzi, ndipo n'zotheka kuwerengetsera kuti wapambana ndani.

Tiyambe ndi katundu. Malawi amagula kunja zinthu zambiri kuposa zimene amagulitsa: mafuta a galimoto, feteleza, mankhwala, tirigu, zipangizo za galimoto, ngakhale kaunjika. Wogulitsa wa ku Dubai kapena ku China salandira kwacha, amafuna dola. Choncho wamalonda aliyense woitanitsa katundu amayamba wagula dola kaye, ndipo dolayo ili ngati katundu wina aliyense, ikasowa imadula. Kwathu kuno madola ambiri amabwera ndi fodya, ndiye amapezekako bwino misika ya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu ikatsegulidwa cha mu Epulo, n'kuyamba kusowa kumapeto kwa chaka, nthawi yomweyo imene dziko likufuna feteleza.

Tiyerekeze mayi wa shopu ku Limbe amene waoda katundu wa madola 10,000, kuphatikizapo mtengo wonyamulira mpaka kufika m'dziko muno. Kwacha isanagwe, akanapereka K11.8 miliyoni kubanki. Itagwa, katundu yemweyo, makatoni omwewo, anafuna K17 miliyoni. Kusiyana kwake ndi K5.2 miliyoni, koma nkhani siithera pamenepa, chifukwa bungwe la MRA limawerengera msonkho wa pachipata pa mtengo wa katunduyo litausandutsa makwacha. Tinene kuti katundu wa mayiyu amalipira 25 peresenti pachipata, kenako VAT imene chaka chimenecho inali 16.5 peresenti, yomwe amaiwerengera pamwamba pa zonsezo. Poyamba katunduyo akanatuluka pachipata atadya pafupifupi K17.2 miliyoni. Tsopano akutuluka atadya pafupifupi K24.8 miliyoni. Boma silinakweze msonkho ngakhale pang'ono, koma ndalama ya msonkho yakwera yokha, ndipo kusiyana kuja kwafika K7.6 miliyoni. Pakadali lole yokasiya katunduyo kushopu, imene ikumwa dizilo wogulidwanso ndi dola.

Chimene chimapsetsa mtima ogula ambiri n'chakuti mayiyu amakweza mtengo tsiku lomwelo, pa katundu amene anaoda kale pa mtengo wakale. Anthu amati ndi umbava. Alipo ndithu amene amapezerapo danga n'kukweza mopyola muyeso, koma masamu a mayiyu ndi oona. Akagulitsa katundu wakaleyo pa mtengo wakale, ndalama imene atolere igula makatoni 7 okha pa makatoni 10 aliwonse amene anali nawo, ndipo mpamba wake wadyeka iye asanadyeko n'komwe. Wamalonda amaika mtengo poyang'ana ndalama imene adzaodere ulendo wotsatira.

Tsopano tipite kwa mnyamata wogwira ntchito ku Joni amene amatumizira amayi ake ku Mangochi marandi 1,000 mwezi uliwonse. Mtengo wa randi pa kwacha umadutsira ku dola. Nthawi imeneyo dola imodzi inkasinthidwa ndi marandi 18 ndi theka kapena kuyandikira pamenepo. Tikagawa K1,180 ndi 18.5, randi imodzi inali pafupifupi K64, ndiye amayiwo ankalandira cha m'ma K64,000 tisanachotse ndalama yotumizira. Kwacha itagwa, randi inafika pafupifupi K92, ndipo marandi omwe aja anasanduka K92,000. Mnyamatayo sanaonjezere kalikonse.

Kodi amayiwo analemera? Sabata yomweyo bungwe la MERA linakweza petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita. Ndalama yakale ija ikanagula malita 36 ndi kadontho pamwamba. Ndalama yatsopanoyi inagulanso malita 36 ndi kadontho. Pa chinthu chochokera kunja, wolandira marandi sanapindule ndipo sanaluze, anangotetezeka. Amene anamva kuwawa ndi mphunzitsi woyandikana nawo nyumba, yemwe malipiro ake ndi a makwacha.

Phindu lenileni la amayi aja linali pa zinthu zimene mtengo wake umatsatira dola pang'onopang'ono: waganyu wa m'munda, mmisiri womanga nyumba, njerwa zoumbidwa m'mudzi momwemo, lendi, fizi imene inalengezedwa kale teremu isanayambe. Izi zimatenga miyezi kuti zikwere, koma zimakwera ndithu, chifukwa mmisiriyo nayenso amakwera minibasi ndipo amagula sopo. Ndiye amene akumanga nyumba ndi ndalama ya kunja, kwacha ikangogwa ndi nthawi yoti alipire amisiri ndi kugula njerwa. Pa malata ndi penti asayembekezere mwayi wotero.

Wotumiza ali ndi mbali ina imene abale kumudzi saiona. Randi nayo imagwa ndi kudzuka. Itachoka pa 18.5 kufika pa 20 pa dola, kwacha ili chiimire pa K1,700, marandi 1,000 aja angatsike kufika K85,000. Kumudzi angayambe kudandaula kuti mwanayu wayamba kuumira, pamene iye watumiza zomwe amatumiza nthawi zonse.

Vuto lalikulu la zaka zino n'lakuti dola ili ndi mitengo iwiri. Pali mtengo wa kubanki, umene mu Malichi 2024 unafika K1,751 n'kukhala pomwepo nthawi yaitali, ndipo pali mtengo wa kumseri, umene mu 2025 unapitirira kawiri mtengo wa kubankiwo. Wamalonda akadikira kubanki miyezi osapatsidwa dola, amakagula kumseri, ndipo mtengo wa pashelefu umatsatira kumene wagula. Banja lolandira ndalama kudzera njira yovomerezeka limasinthiridwa pa mtengo woyandikira wa kubanki, koma n'kumagula mafuta ophikira pa mtengo wa kumseri. Apa chitetezo chija chatha. N'chifukwa chake ena amapatsira oyendetsa mabasi, kapena kupereka marandi kwa munthu ku Joni kuti mnzake wa ku Lilongwe apereke makwacha. Kusintha ndalama kwa munthu wopanda chilolezo n'kuphwanya lamulo, ndipo ndalamayo ikasowa mulibe risiti yokadandaulira nayo kulikonse. Chinanso, dola imene yadutsa kumseri siifika kubanki, ndiye kubanki kumasowabe, mitengo iwiriyo n'kumatalikiranabe.

Ngakhale pakati pa makampani ovomerezeka, monga Mukuru, Western Union ndi ena amene amafikitsa ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, mtengo wosinthira sufanana. Kampani imadya pawiri: pa ndalama yotumizira imene imalembedwa poyera, ndi pa mtengo wosinthira umene ambiri sauyang'ana. Ina ikhoza kukudulani marandi 50 n'kusintha 950 otsalawo pa K90, amayi n'kulandira K85,500. Ina ikhoza kunena kuti kutumiza n'kwaulere koma n'kusintha marandi onse 1,000 pa K84, amayi n'kulandira K84,000. Yaulereyo ndiye yodula. Musanatumize, funsani kuti pa marandi amene muli nawo m'manja, kumudzi kufika makwacha angati, muonjezerepo ndalama imene wolandira adzadulidwe potapa kwa ejenti, ndipo muyerekeze makampani awiri kapena atatu tsiku lomwelo.