Kutentha Kumene Chipatala Chimataya Padenga

Chipinda cha opaleshoni sichisunga mpweya. Mafani amaukoka n'kuutaya kunja maulendo oposa 20 pa ola, kwinaku akulowetsa watsopano. Ku Britain, kumene nyengo yozizira imatenga miyezi yambiri, mpweya wolowawo uyenera kutenthetsedwa kaye, pomwe wotulukawo ukupita ndi kutentha kumene chipatala chalipira kale. Wophunzira zauinjiniya amene walemba mutu wa kafukufuku wake pa nkhaniyi amakhala akuyankha funso limodzi: ndi makina ati angalande kutentha kwa mpweya wotuluka popanda kubwezera majeremusi kwa odwala?

Kawirikawiri amafanizira makina atatu. Oyamba ndi gudumu lalikulu la aluminiyamu, lokhala ndi timabowo ngati chisa cha njuchi, limene limazungulira pang'onopang'ono. Theka lake limakhala mu mpweya wotuluka n'kufunda, kenako n'kukapereka kutenthako ku mpweya wolowa. Achiwiri ndi timalata topyapyala tosanjikizana: mpweya wolowa ndi wotuluka umadutsa mbali zosiyana za lata, osakhudzana. Achitatu ndi mapaipi a madzi osakaniza ndi mankhwala oletsa kuundana, amene pampu imawayendetsa kuchoka pamene mpweya ukutulukira kupita pamene ukulowera.

Tiyerekeze kuti chipinda chikufuna makyubiki mita 2 a mpweya pa sekondi, panja pali madigiri 5 ndipo mpweya wotuluka uli pa 21. Kusiyana kwake ndi madigiri 16. Kutenthetsa kyubiki mita imodzi pa sekondi ndi digiri imodzi kumadya makilowati pafupifupi 1.2, choncho 1.2 × 2 × 16 akutipatsa makilowati 38 amene akutayika. Gudumu lobweza 80 peresenti lipulumutsa 31. Mapaipi a madzi obweza 68 peresenti, womwe ndi mlingo wotsikitsitsa umene malamulo a ku Ulaya anaika kuyambira mu 2018, apulumutsa 26. Timalata timagwera pakati.

Wophunzira wothamanga amathera pomwepa n'kulengeza kuti gudumu lapambana. Wosamala amadziwa kuti madigiri 5 si a chaka chonse, ndiye amatenga kaundula wa nyengo wa maola onse 8,760, n'kuwerengera ola lililonse palokha. Amachotsanso magetsi amene makinawo amadya. Chilichonse choikidwa m'njira ya mpweya chimalemetsa fani, ndipo m'chitsanzo chathuchi mafani awiri angawonjezere pafupifupi kilowati imodzi, osawerengera pampu. Kilowati imeneyi ndi yamagetsi, amene ku Britain ndi odula kangapo kuposa gasi wotenthetsera, ndipo imadyedwa ngakhale m'miyezi yofunda pamene palibe chopulumutsa.

Koma chimene chimagamula nkhani si makilowati ayi. Gudumu likamazungulira, timabowo take timanyamula kampweya kotuluka n'kukakatula ku mbali yolowa. Opanga amaikapo kagawo kotsukira timabowoto ndi mpweya wabwino, ndipo mainjiniya amakonza mafani mwakuti mbali yolowa ikhale ndi mphamvu yokankha yochuluka, kuti chodontha chilichonse chizipita kunja. Zimathandiza ndithu, koma mphira wotsekera m'mbali ukatha, kudontha kumakula popanda wowona. Pa mpweya wochokera m'chipinda cha wodwala chifuwa chachikulu, ine sindingavomere gudumu ngakhale litaposa anzake ndi makilowati 5. Mapaipi a madzi alibe vuto limeneli chifukwa mpweya wa mbali ziwirizi sukumana konse. N'chifukwa chake mutu wolembedwa bwino umayamba ndi kugawa chipatala: maofesi ndi makonde mbali ina, zipinda zopatulira odwala mbali ina, potsatira malangizo monga HTM 03-01 amene zipatala za boma ku England zimagwiritsa ntchito. Kufanizira mitengo kumabwera pambuyo.

Gawo lonena zimene kafukufukuyo sanathe kufikapo ndi limene ambiri amalemba mongothamanga, chonsecho ndi lolemera. Maperesenti aja amachokera kwa opanga makina, amene anayesa makina atsopano, mpweya wolowa ndi wotuluka uli wofanana kuchuluka. M'chipatala sizikhala choncho. Chipinda cha opaleshoni chimalandira mpweya wambiri kuposa umene fani imatulutsa, kuti wotsalawo uzithawira m'zitseko ndi kutchinga fumbi la m'khonde, ndiye kutentha kobwezedwa kumachepa. Fumbi limatsekanso timabowo, ndipo kukazizira kwambiri chinyezi chimaundana pa timalata.

Kudziwa ngati makina akugwiradi ntchito n'kosavuta. Pa tsiku lija la madigiri 5 ndi 21, mpweya wodutsa pa gudumu labwino uyenera kufika pafupifupi madigiri 18. Choyezera chikasonyeza 13, ndiye kuti likubweza theka lokha, mwina chifukwa chitseko cholambalalitsa mpweya chakanirira chotsegula. Chikasonyeza 5 kapena 6, kayang'aneni lamba wozungulitsa gudumu, wadukatu ameneyo. Wophunzira amene sanakwere padenga kukayeza yekha ayenera kulemba poyera kuti manambala ake ndi a papepala. Ayeneranso kunena ngati anawona mapulani a nyumbayo, pakuti m'zipatala zakale paipi yolowetsa mpweya ndi yotulutsa zimatha kutalikirana kwambiri, ndipo gudumu ndi timalata zimafuna kuti ziwirizi zikhale moyandikana.