Foni ikuti mtundu wa uchi, nanga tsitsi likuti chiyani?

Pulogalamu yoyesera mtundu wa tsitsi pa foni imagwira ntchito ziwiri zokha. Imayamba yapeza pamene pali tsitsi pa chithunzi, kulisiyanitsa ndi nkhope komanso khoma la kumbuyo, kenako imapakapo mtundu umene mwasankha, n'kusiya kuwala ndi mithunzi kuti lioneke ngati lenileni. Zoterezi zili mu YouCam Makeup, ndipo kampani ya L'Oréal inagula ModiFace, yopanga luso lomweli, mu 2018. Ine ndimaigwiritsa ntchito pa saluni yathu kuno ku Chileka, ndipo imandithandiza. Kasitomala amanditumizira selefi pa WhatsApp, ine n'kumubwezera zithunzi zitatu, tikukambirana asanawononge ya thiransipoti.

Koma foni imapenta chithunzi, sidaya tsitsi. Ife okonza tsitsi timawerenga kuda kwake kuyambira pa 1, lakuda bii, kufika pa 10, loyera kwambiri. Ambirife lathu lili pa 1 kapena 2. Kuti lifike pa mtundu wa uchi, cha m'ma 7 kapena 8, liyenera kuchotsedwa kuda kwake ndi bulichi, ndipo silidumpha masitepe: limayamba kufiira, kenako lifanane ndi lalanje, kenako chikasu. Pa sikirini ulendo wonsewu umatha ndi chala chimodzi. Pamutu umatha maola, nthawi zina maulendo awiri, ndipo tsitsi lina silifika n'komwe.

Mtsikana wina wa ku Lirangwe ananditumizira selefi kutatsala milungu iwiri kuti akaperekeze ukwati wa mkulu wake. Anajambula usiku, pansi pa babu, fyuluta yosalalitsa nkhope ili yoyatsa. Ndinamupempha ina: masana, pamthunzi wa khonde, atayang'ana kumene kukuchokera kuwala, wopanda fyuluta, tsitsi atamasula. Babu lachikasu limanamiza khungu, ndiye mtundu umene ukukukhalani pa chithunzicho ungakukaneni pa dzuwa la ku Chileka kuno, lomwe silibisa kanthu.

Chithunzi chachiwiri chinatuluka bwino, ndipo uchiwo unamukhaladi. Atafika ndinamufunsa mafunso amene foni sifunsa.

"Munawongola liti ndi mankhwala?"

"Patha milungu itatu, asisi."

"Nanga dayi wakuda munapakapo?"

"Eee, chaka chatha, koma anatha kale."

Sanathe. Dayi wakuda amakhalabe m'tsitsi mpaka litadulidwa, ndipo dayi wina woyera sangamuchotse. Pa chithunzi, tsitsi lachibadwa ndi lodayidwa n'limodzi, lonse lakuda. Ndinatenga kachingwe kakang'ono ka tsitsi cha kunkhongo, n'kupakapo bulichi wosakaniza ndi divelopa wa 20, amene mphamvu yake ndi 6 peresenti, ndikuyang'ana mphindi khumi zilizonse. Patatha mphindi 30, chakumizu, kumene kunali tsitsi latsopano, kunafika pa lalanje. Kunsonga kunangofiira ngati njerwa. Nditalinyowetsa n'kulikoka pang'ono, linatamuka ngati chingamu, osabwerera. Chimenecho ndi chizindikiro choti mankhwala owongolera analifooketsa kale, ndipo bulichi wa mutu wonse akanalidula.

Anakhala chete, maso ali pa foni. "Koma apa zikuoneka bwinobwino." Ndinamukulitsira chithunzicho ndi zala. M'mphepete mwa chipumi, timatsitsi ting'onoting'ono tinali takudabe, ndipo mtundu unali utadonthera pa khutu. Mutu wonse unali wofanana kuyambira kumizu mpaka kunsonga, ukunyezimira ngati wigi yatsopano. Tsitsi lakuda limabweza kuwala kochepa, ndiye pulogalamu ikaliyeretsa imachita kuwonjezera yokha kuwalako. Mukaona kusalala koteroko, dziwani kuti si tsitsi lanu likuyankhula.

Pamene ndimaikhulupirira kwambiri foni ndi pa meshi ndi mawigi, chifukwa mtundu wake unapangidwa kale kufakitale ndipo uli ndi nambala: 1B ndi wakuda wachibadwa, 27 ndi wa uchi, 30 ndi wofiirira, 99J ndi wa vinyo. Ngakhale apo, ndimatenga paketi yeniyeni n'kuigundika pa tsaya la kasitomala panja, poti sikirini ya foni yanga ndi ya yake sizionetsa mtundu mofanana. Chinanso chimene selefi singaone ndi khungu lodana ndi dayi. Aliyense wofuna kudaya ndimamupaka kadontho kuseri kwa khutu, n'kudikira maola 48. Pakayabwa kapena kutupa, nkhani ya dayi yathera pomwepo, ngakhale chithunzi chikongole bwanji.

Wa ku Lirangwe uja tinamuluka meshi ya 27 yosakaniza ndi 30, tsitsi lake lakuda likuoneka pang'ono kumizu. Za bulichi tinagwirizana kuti tidzayesenso kachingwe kena akasiya kuwongola, nsonga zodayidwa zija titazidula.