Mafuno a Khirisimasi: A Bwana Awoawo, Mnzanu Akeake

Pa 25 Disembala anthu ambiri amalemba uthenga umodzi pa WhatsApp n'kuumwaza kwa aliyense. Apa m'pamene pamalakwika, chifukwa mawu okoma kwa mnzanu wa ponda apa n'pondepo akhoza kumveka chipongwe kwa bwana.

Kwa bwana, yambani ndi udindo wawo kapena dzina la bambo, ndipo ulemu wa "inu" usaduke mpaka kumapeto: "Bwana, ndikukufunirani Khirisimasi yabwino, inu ndi banja lanu lonse. Zikomo ponditsogolera chaka chino." Lembani dzina lanu pansi, poti mwina nambala yanu sanaisunge. Tumizani kukacha, osati pakati pa usiku. Nkhani ya bonasi kapena tchuthi isalowemo, imasandutsa mafuno kukhala pempho. Ngati bwanayo ndi Msilamu, ndi bwino kudikira Chaka Chatsopano, ndipo pa Idi musawaiwale.

Mnzanu ndiye mtayireni zonse: "Aise, mpunga wa nkhuku wapsa? Undisungireko, ndikubwera!" Mukamulembera mwaulemu wa ku ofesi adzadabwa, mwinanso adzakufunsani chimene wakulakwirani.

Musanatumize, yang'anani dzina lili pamwambalo, kuopa kuti "aise" angafikire bwana.